Ndinaika ndalama malo anayi, nandolo atagwa zonse zinapita

Ntchito inanditha mu Seputembala 2016. Ndinali nditagwira zaka 14 ngati wosunga katundu pa kampani ina ku Limbe, ndipo atayamba kuchepetsa antchito dzina langa linapezeka pamndandanda. Ndalama zomwe anandipatsa, kuphatikizapo zomwe ndinkasunga pang'onopang'ono, zinakwana K4,200,000. Chibadwire ndinali ndisanagwirepo ndalama yotere. Usiku ndinkadzuka n'kuyang'ananso kapepala ka kubanki, mtima ukugunda, chimwemwe chitasakanikirana ndi mantha, chifukwa ndinkadziwa kuti kumapeto kwa mwezi sikudzalowanso kanthu.

Tinasamuka ku Bangwe kubwerera kwathu ku Chiradzulu. Nthawi imeneyo kumudzi nkhani inali ya nandolo basi. Zaka ziwiri zotsatizana mvula inali itavuta ku India, komwe anthu amadya nandolo kwambiri, ndiye makampani a ku Limbe ankamugula mothamanga kuti akamutumize kumeneko. Anthu amene ndinawasiya akuyenda wapansi ndinawapeza ali ndi njinga zamoto ndi nyumba za malata. Mu Okutobala ndinayesa ndi matumba 10. Ndinagula kwa alimi, ndinakweza pa galimoto mpaka ku Limbe, ndipo nditachotsa zonse ndinatsala ndi phindu la K40,000 m'masiku anayi. Phindu limeneli ndi lomwe linandisocheretsa. Ndikanaluza pa ulendo woyambawu, mwina bwenzi nditaganiza kawiri.

Sindinali munthu wosaganiza, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetse bwino. Ndinkadziwa kuti ndalama saika malo amodzi, ndiye ndinazigawa. K2,000,000 ndinagulira nandolo wouma, matumba 100 a makilogalamu 50, pa K400 kilogalamu, kuti ndimusunge mpaka asowe pamsika. K600,000 ndinabwereka munda wa maekala anayi, kulipira aganyu ndi kugula mbewu, ndipo mbewu yake inali nandolo. K800,000 ndinakongoza alamu anga ndi anyamata awiri a pamsika amene analonjeza kubweza ndi phindu, koma geni yawo inali yogula nandolo. K500,000 ndinamangira kanyumba ka njerwa zowotcha kosungiramo matumba, ndi kugula sikelo. Zotsala, K300,000, zinali za pakhomo. Ndikawerenga pa zala ndinkapeza zinthu zinayi: katundu, munda, ngongole, nyumba. Ndinkadziona wochenjera.

Mayi a kunyumba anandifunsa tsiku lina tikudya. "Bambo, nanga nandoloyu akakana?" Ndinawayankha kuti akakana wa m'nyumba tidzadya wa kumunda. Anangoti, "Wa kumundayo si nandolo?" Ndinaseka, n'kusintha nkhani. Funso limeneli ndinadzalimvetsa patatha chaka.

Chizindikiro choyamba chinabwera mu Febuluwale 2017. Ino ndi nthawi imene nandolo amasowa, ndipo ndinkayembekezera kuti mavenda ayamba kundigogodera. Palibe anabwera. Nditapita ndekha ku Limbe, mtengo unali utatsika kusiyana ndi umene ndinagulira. Ndinadziuza kuti ndi masewera a ogula, ukweranso. Chimene sindinkadziwa n'chakuti ku India mvula ya 2016 inagwa bwino, alimi anadzala nandolo wambiri chifukwa cha mitengo yokwera ija, ndipo anakolola wochuluka kuposa zaka zonse za m'mbuyo. Ine ndinkayang'ana mitambo ya ku Chiradzulu, pamene mtengo wa katundu wanga unkapangidwa ndi mvula ya dziko lina. Mukamagula mbewu yosunga, funsani kaye kuti wogula womaliza ndani, ali kuti, ndipo chaka chino akuifunadi. Ine ndinkangodziwa geti la ku Limbe. Kuseri kwa getilo sindinafunseko.

Mwezi umenewo ndikanagulitsa ndikanaluza mwina gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndinakana chifukwa cha manyazi. Kugulitsa pansi pa K400 kunali ngati kuvomera pamaso pa mudzi wonse kuti ndalakwitsa. Ndinapitiriza kusunga, ndipo kusunga nakonso kumadya ndalama. Nandolo sachedwa kufumbwa. Ndinathira mankhwala kawiri, kulipira anyamata okhuthula matumba, kuyanika ndi kusokanso. Tsiku lina ndinalowetsa dzanja m'thumba la pansi, n'kutulutsa lili ndi ufa wachikasu, timbewu tili ndi mabowo ngati tabooledwa ndi singano. Ndinakhala pa thumbalo nthawi yaitali chitseko nditatseka.

Mu Ogasiti 2017 boma la India linaika malire a nandolo wolowa m'dzikolo, matani 200,000 pa chaka, pofuna kuteteza alimi ake. Nthawi yomweyo kuno nandolo watsopano anali akuyamba kutuluka m'minda. Mtengo unagwa ngati mwala. M'misika ya kumudzi unafika pansi pa K100 kilogalamu, ndipo ngakhale pa mtengo umenewo wogula ankachita kunyengereredwa.

Ndinagulitsa mu Novembala pa K90. Nandolo wosunga uja, titapeta n'kutaya wofumbwa, anatsala makilogalamu 4,600, ndipo anandipatsa K414,000. Kumunda ndinakolola matumba 28, amene analowetsa K126,000, ndalama yosafika n'komwe pa zomwe ndinalipira aganyu. Anyamata awiri aja mmodzi anathawira ku Joni, winayo ankabisala akandiona. Alamu anga anabwera okha, atavula chipewa, n'kunena kuti, "Alamu, sindikukana ngongole, koma onani nokha m'nyumbamo." M'nyumba mwawo munalinso matumba opanda wogula. Pa K800,000 ija ndinatolera K150,000. Kanyumba kaja kanatsala kopanda kanthu, sikelo itapachikidwa kukhoma. Pa K3,900,000 zimene ndinalowetsa, m'manja munabwerera K690,000.

Za miyezi imene inatsatira sindinena zambiri. Mwana wathu woyamba anachoka ku sekondale yogonera komweko n'kuyamba yoyendera. Ndinaonda. Maliro ndi misonkhano ndinkakhala kumbuyo. Mayi a kunyumba sanandinene ngakhale tsiku limodzi kuti ndinakuuzani, ndipo kukhala chete kwawoko kunkandipweteka kuposa mawu. Tinkadya za geni yawo ya zitumbuwa ndi tomato, ndi chinangwa cha m'munda wa apongozi, amene chikhalire amadzala chimanga, nandolo, chinangwa ndi mbatata pamodzi. Chaka chimenecho iwo anangodandaula pang'ono za mtengo, nandolo wawo n'kumuphika ndiwo.

Munthu amene ananditsegula maso anali amalume anga, amene anapuma ntchito yowerengera ndalama za boma ku Zomba. Ndinapita kukawabwereka ndalama ya fizi, ndipo asanandipatse anandiuza kuti ndiwafotokozere zonse. Nditafika ponena kuti ndinagawa malo anayi, anatenga kope la mdzukulu wawo, n'kulemba mzere pakati pa tsamba. Kumanzere analemba zinthu zinayi zija. Kumanja analemba funso: chingaphe ichi n'chiyani? Anati ndiyankhe chimodzichimodzi. Matumba? Mtengo wa nandolo. Munda? Mvula, kapena mtengo wa nandolo. Ngongole? Anthuwo akalephera kugulitsa nandolo. Kanyumba? Kalibe ntchito popanda nandolo. Anandipatsa kopelo n'kunena kuti, "Mphwanga, iwe unali ndi chinthu chimodzi, unangochiveka malaya anayi."

Anandifotokozera kuti powerenga mmene wagawira chuma suwerenga malo, umawerenga mayankho a kumanja. Yankho likabwera kawiri, zinthu ziwirizo ndi chimodzi. Mbuzi ndi nkhumba zimaoneka ngati zonse ndi ziweto, koma chigodola chimapha nkhumba n'kusiya mbuzi, ndiye pa matenda ndi zinthu ziwiri, ngakhale pa akuba ndi chimodzi. Maakaunti atatu m'mabanki atatu amakuteteza banki imodzi ikavuta, koma onse ndi makwacha, ndipo kwacha ikagwa amagwera limodzi. Anandiuzanso kuti ndiwonjezere funso lachiwiri, lakuti ndikafuna ndalamayo mawa, ingatuluke pakatha masiku angati. Mafunso awiri amenewa ndi omwe ndakhala ndikugwiritsa ntchito mpaka lero.

Mu 2018 ndinapeza ntchito ya ukalaliki pa shopu ya zipangizo zomangira. Malipiro anali ochepa, koma anali a mwezi ndi mwezi. Kanyumba kaja ndinakagawa pakati n'kuboola zitseko ziwiri, ndipo aphunzitsi awiri anayamba kuchita lendi, aliyense K15,000. Ndinkafunitsitsa kulowanso geni kuti ndibweze msanga zomwe zinapita, koma amalume anandikaniza. Anati choyamba ndi ndalama yongokhala, yokwana kudya, fizi ndi mankhwala kwa miyezi itatu, yosagwira ntchito ina iliyonse koma kudikira tsoka. Zinanditengera miyezi 14 kuti ndiikwanitse, ndipo ndinkaiona ngati ndalama yaulesi. Ina ndinaika ku banki, ina yochepa pa foni. Ntchito ya ndalama imeneyi ndi yoti mwana akadwala usagulitse mbuzi kwa munthu amene waona kuti wapanikizika. Mu 2017 ndinagulitsa pa K90 osati chifukwa ndinaona kuti ndiye nthawi yake, koma chifukwa pakhomo panalibe chakudya.

Kenako ndinagula mbuzi zitatu zazikazi. Mbuzi ili ndi ubwino umene ndalama ya ku banki ilibe: imaswa, ndipo mitengo ya zinthu ikamakwera nayo imakwera. Mavuto ake ndi akuba, njoka za m'mimba, chibayo nthawi ya mvula, ndi milandu ikadya mmera wa eni. Mayi a kunyumba analowa banki m'khonde, komwe amaponya sabata iliyonse n'kugawana mu Disembala.

Mu 2020 amalume ananditengera ku Blantyre kwa buloka, munthu wovomerezeka wogulira anthu masheya pa Malawi Stock Exchange. Ine ndinkaganiza kuti zimenezi ndi za mabwana. Anangofuna chiphaso cha unzika, akaunti ya ku banki ndi kudzaza mafomu. Sheya ndi kagawo ka umwini wa kampani. Kampani ikapindula imagawira eni ake dividendi, ndipo mtengo wa sheyayo umakwera kapena kutsika malinga ndi ofuna kugula ndi kugulitsa. Palibe amene amakulonjeza kuti ndalama yako idzabwerera yonse. Buloka amadula kake pogula ndi pogulitsa, choncho kulowa ndi kutuluka pafupipafupi kumangomulemeretsa iyeyo. Ndinayamba ndi K50,000, n'kumawonjezera ndikapeza, mpaka zonse zomwe ndinalowetsa m'zaka zitatu zinakwana K400,000.

Apanso ndinatsala pang'ono kubwereza cholakwa changa chakale. Makampani a pamsika wathu ndi ochepa, ndipo ambiri odziwika ndi mabanki, monga National Bank, Standard Bank, NBS ndi FDH. Ine ndinafuna kugula mabanki atatu. Amalume anangondiloza kope. Chimene chingavutitse banki imodzi, monga anthu kulephera kubweza ngongole kapena boma kuchedwa kulipira zomwe linabwereka, chingavutitsenso enawo. Ndiye ndinagula banki imodzi, kampani ya mafoni, kampani ya shuga, ndi kampani ina yokhala ndi nyumba za maofesi. Yomalizayi inakhala zaka mtengo wake osasuntha kwenikweni, ndipo ndinkaiyang'ana ndi mkwiyo.

Chinthu china chimene ndinaphunzira ndi kukongoza boma kudzera mu thirejare bilu. Umapereka ndalama kudzera ku banki yako kapena kwa buloka, n'kusankha masiku 91, 182 kapena 364, ndipo nthawiyo ikakwana imabwerera ndi chiwongoladzanja, atadulapo msonkho. Akuba sangaibe, mvula siikhudza, matenda saigwira. Kumanja kwa kope ndinalemba kuti mdani wake ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu, komanso kuti siituluka tsiku limene waifuna pokhapokha uvomere kuluzapo.

Ndisabise, ndinapitiriranso muyeso. Mu 2021 ndinayamba kuona ngati chilichonse chatsopano ndi kugawa, ndipo ndinagula njinga yamoto yakale ya kabaza n'kupatsa mnyamata. Sindidziwa kanthu za injini, ndipo ndinalibe nthawi yomutsatira. Sabata iliyonse kunkabwera nkhani, lero tcheni, mawa tayala, mkuja apolisi. Patatha miyezi isanu ndi iwiri ndinaigulitsa moluza K180,000. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chinthu chimene sungathe kuchiyang'anira kapena kumvetsa mmene chimapangira ndalama sichikuteteza, chimangotsegula bowo lina.

Pofika kumayambiriro kwa 2023 zinthu zinali motere. Ndalama yodikira tsoka inali K450,000. Mu thirejare bilu munali K700,000, yoti ikhwime kumapeto kwa Epulo. Mbuzi zinali 10. Masheya anali atakula kufika pafupifupi K600,000. Panali zipinda ziwiri za lendi, munda wathu wa chimanga, ndi K200,000 ya mayi ku banki m'khonde.

Namondwe wa Freddy anafika m'sabata yachiwiri ya Malichi. Mvula inagwa masiku atatu osaleka. Usiku wachitatu tinamva mkokomo kuchokera kuphiri, ndipo tinathawira ku sukulu titanyamula ana ndi zofunda zokha. Chiradzulu anataya anthu ambiri masiku amenewo, ena a iwo ndinkawadziwa, choncho ndikamanena za katundu wanga ndikudziwa kuti ndine mmodzi mwa amene anachita mwayi. Titabwerera, khola linali litapita ndi mbuzi zisanu ndi ziwiri. Zitatu tinazipeza zitakwera pa chulu, zikunjenjemera, matope mpaka m'khosi. Khoma la kumbuyo kwa zipinda za lendi linagwa, aphunzitsi anasamuka. Munda unakwiririka ndi mchenga. Banki m'khonde inaima, chifukwa amayi onse amene anabwereka anali a mudzi womwewo, ndipo onse anali atataya zawo.

Ndinatsegula kope lija, lomwe linapulumuka chifukwa linali m'chikwama cha ntchito. Mbuzi ndinalemba akuba ndi matenda. Zipinda ndinalemba alendi osalipira. Munda ndinalemba chilala. Banki m'khonde ndinalemba mamembala osakhulupirika. Mayankho anayi osiyana, koma panali yankho limodzi limene sindinaliganizire, lakuti zonsezi zili pansi pa phiri limodzi. Malo nawonso ndi mdani. Ndinamva kuzizira komwe kuja kwa 2017, poona kuti ndalakwitsanso mofanana.

Koma ulendo uno panali zina zimene madzi sanazifike. Netiweki itabwerera, ndalama ya pa foni inagula ufa, sopo ndi mapepala apulasitiki. Ya ku banki inatisunga mpaka Epulo. Thirejare bilu ndinaidikira masabata asanu ndi limodzi, ndipo masabata amenewo anali aatali, khoma lili pansi, mvula ikulowa. Ndinaganiza zogulitsa masheya, koma buloka anandiuza kuti ena amapeza wogula tsiku lomwelo pamene ena, ngati a kampani ya maofesi ija, ukhoza kudikira masabata, ndipo ngakhale agulidwe ndalama imatenga masiku angapo isanalowe mu akaunti. Ndinawasiya. Bilu itakhwima ndinamanga khoma ndi khola latsopano pamalo okwera, ndipo pofika Julayi m'zipinda munalowa alendi ena. Ana sanasiye sukulu. Sindinapite kwa akatapila. Nditawerengera, Freddy ananditengera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zomwe tinali nazo. Zinapweteka, koma 2017 inatenga zoposa magawo anayi mwa asanu.

Chaka chomwecho chisanathe, mbali imene inandipulumutsa ndi imene inalandira chikwapu. Mu Meyi ndinali nditaikanso K500,000 mu bilu ya masiku 364. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kwacha inali itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, koma ulendo uno zinali zazikulu. K500,000 yanga, imene dzulo lake inali yofanana ndi madola pafupifupi 420, inadzuka ili pansi pa madola 300. Ku shopu komwe ndimagwira ntchito tinakhala tsiku lonse tikusintha mitengo ya malata, misomali ndi penti, ine ndikulemba manambala atsopano uku ndikuwerengera mumtima zomwe ndalama yanga yataya.

Bilu ija itakhwima inabwerera pafupifupi K600,000, msonkho atachotsa. Papepala ndinapindula K100,000. Koma mitengo ya zinthu chaka chimenecho inakwera ndi zoposa 30 peresenti, kutanthauza kuti zinthu zimene K500,000 inkagula tsopano zinkafuna zoposa K650,000. Ndinaluza, ngakhale manambala anakula. Kuluza kumeneku n'kovuta kukuona chifukwa palibe amene wakubera, palibe chimene chagwa. Njira yokuonera ndi kuyerekeza chiwongoladzanja ndi mmene zinthu zakwerera, kapena kungofunsa kuti ndalamayi ikanagula malata angati pamene ndinkaiika, nanga lero ikugula angati.

Nthawi yomweyo mbuzi zitatu zija zinali zitaswa, ndipo mtengo wa mbuzi pamsika unakwera limodzi ndi zinthu zina. Masheya, amene ndinatsala pang'ono kuwagulitsa mu Malichi, anakwera kwambiri m'chaka cha 2023, makamaka a banki. Mu Malichi ndalama ya mapepala, monga ya ku banki ndi ya mu bilu, inanyamula mbuzi ndi nyumba. Mu Novembala mbuzi ndi masheya zinanyamula ndalama ya mapepala. Ine sindinalosere chilichonse mwa ziwirizi, ndipo sindikanatha.

Pali mtengo umene umalipira ukamagawa chonchi, ndipo anthu sakonda kuunena. Chaka chilichonse pamakhala chinthu chimodzi chimene chachita bwino kuposa zonse, ndipo ukawerengera umapeza kuti ukanaika zonse pamenepo bwenzi uli patali. Kumayambiriro kwa 2024 masheya anali atakula mpaka kupitirira theka la chuma chathu chonse, ndipo mkati mwake banki ija inali itameza ena onse. Sindinawonjezere kanthu, anangokula okha, koma kugawa kwanga kunali kutasokonekera. Ndinali nditabwereranso pa chinthu chimodzi chachikulu. Lamulo limene tinagwirizana ndi amalume ndi lakuti mtundu umodzi usapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo ukapitirira ndidule pamwamba n'kuthira pamene pachepa. Ndinagulitsa gawo la masheya a banki, ndinadzaza ndalama yodikira tsoka imene inali itatha, n'kugula mbuzi zina. Masheya amene ndinagulitsawo anapitiriza kukwera. Ndinkaona mitengo m'nyuzipepala mtima n'kuwawa, ndipo mnzanga wina wa kuntchito amene sanagulitse anandiseka poyera. Sindinamutsutse, chifukwa pa manambala a chaka chimenecho iye ndi amene analondola. Ndinangokumbukira kuti mu Okutobala 2016 nanenso ndinkalondola.

Kuwerengera kumeneku ndimachita kamodzi pa chaka, mu Januwale, banki m'khonde itagawana. Timakhala awiri ndi mayi a kunyumba, kope lili pakati. Chilichonse timachilemba pa mtengo umene tingachigulitsire lero, osati umene tinagulira, ndipo mbuzi timaziwerengera pa mtengo wa venda, osati wa pa Khirisimasi. Malipiro anga a pamwezi nawonso timawalemba, chifukwa ntchito ndi chuma chimene chingathe tsiku limodzi, monga inandithera ine. N'chifukwa chake sindiika ndalama m'geni ya zipangizo zomangira ngakhale ndimaidziwa bwino. Zomanga zikaima m'dziko, ntchito yanga ndi geniyo zingaime pamodzi.

Nandolo ndimadzalabe, mizere ingapo m'chimanga monga amachitira apongozi, ndipo zaka zina mtengo wake wakhala wabwino ndithu. Alamu anga anamaliza kubweza gawo lawo mu 2022, pang'onopang'ono, komaliza anabweretsa nkhuku ziwiri ndi thumba la mtedza. Vuto la phiri silinathe, chifukwa nyumba ndi munda sungazinyamule. Chimene tinatha kuchita n'chakuti mayi anachepetsa zoponya ku banki m'khonde ya m'mudzi, n'kutsegula buku ku SACCO ya m'tauni imene mamembala ake ndi ochokera m'madera osiyanasiyana. Mbuzi zinayi tinazikweza pa lole n'kukazisiya kwa achemwali anga ku Ntcheu, pa mgwirizano wakuti pa ana awiri aliwonse obadwa, mmodzi ndi wawo. Mwezi watha anaimba foni kuti imodzi yaswa mapasa.